Moni woyamba: chifukwa chake umalemera kwa munthu wamanyazi, ndi momwe angaupeputsire

M'makomboni a mu Chipata, mnyamata amene wadutsa anthu atakhala pakhonde osawapatsa moni amaweruzidwa nthawi yomweyo. Ena amati ndi wodzimva, ena amati sanaleredwe, ndipo akakhala kuti wangobwera kumene kuchokera ku Lusaka amati tauni yamuwononga. Kuno kwathu ku Mmawa moni ndi chizindikiro choti munthu uli ndi umunthu, choncho kuphonya moni si nkhani yaing'ono.

Komabe ambiri mwa anthu amene timawanena kuti ndi onyada amakhala atauyamba moniwo m'mutima akali patali. Amaukonza, amaubwereza, koma akafika pafupi mawu amakanirira pakhosi, miyendo n'kuwapitiriza. Akafika kunyumba amakhala ndi chisoni kuposa amene sanapatsidwe moniwo. Nkhani ino ikufotokoza zimene zimachitika mu kanthawi kochepa kameneko, ndi njira zimene akatswiri a kaganizidwe ka munthu amagwiritsa ntchito pothandiza anthu otere.

Manyazi ake ati?

Liwu lakuti manyazi timaligwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Pali manyazi a munthu amene wagwidwa akulakwa. Pali manyazi aulemu, monga a mkamwini amene amapatuka panjira akaona apongozi ake, kapena a mwana amene amayang'ana pansi akulu akamalankhula. Amenewa ndi mwambo, munthu amachita kuphunzitsidwa, ndipo alibe vuto. Achitatu ndi amene tikukamba pano: munthu akufuna kulankhula ndi anzake, palibe mwambo womuletsa, koma mantha akuti aoneka wopusa akumumanga.

Munthu wotere n'ngosiyananso ndi munthu wofatsa amene amangokonda kukhala yekha. Wofatsayo akafuna kupereka moni amapereka popanda mtima kugunda. Wamanyazi amafuna koma amaopa, ndipo kukokana kwa ziwirizi ndiko kumamupweteka.

Sikuti ndi anthu ochepa. M'zaka za m'ma 1970, Philip Zimbardo wa pa yunivesite ya Stanford ku America anafunsa anthu zikwi zingapo, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 alionse anati ndi amanyazi. Jerome Kagan wa ku Harvard anayeza makanda a miyezi inayi n'kupeza kuti pafupifupi khanda limodzi mwa asanu limadzidzimuka kwambiri ndi chinthu chachilendo: limalira, kupinda msana ndi kuphiriphitha. Ana amenewa ndi amene kawirikawiri ankakula ali amantha ndi alendo, koma si onse. Chibadwa chimangopendeketsa munthu. Kaleredwe, kusekedwa kusukulu, ndi zimene iye mwini amachita tsiku ndi tsiku ndizo zimamaliza.

Zimene thupi limachita moni usanatuluke

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amigidala, kamene ntchito yake ndi yofanana ndi ya galu wa pakhomo: kuuwa pakaoneka chachilendo, mwini nyumba asanaone n'komwe kuti ndani. Kakauwa, thupi limatulutsa m'magazi mankhwala otchedwa adirenalini. Mtima umathamanga, kupuma kumafupika, m'manja mumatuluka thukuta, malovu amachepa mpaka m'kamwa kuuma, ndipo minofu ya pakhosi imakungika. Zonsezi n'zothandiza ngati wakumana ndi njoka m'munda. Vuto ndi lakuti mwa munthu wamanyazi galuyu amauwa ngakhale pamene akubwera ndi amai oyandikana nawo nyumba atanyamula ndowa.

Taonani kuti zizindikiro zimenezi zimagunda ndendende ziwalo zimene moni umafuna. Kuti unene "Mwauka bwanji?" pamafunika mpweya wokwanira, lilime lonyowa ndi khosi lomasuka. N'chifukwa chake moni wa wamanyazi umatuluka ngati manong'onong'o, kapena mawu amasweka pakati.

Chinanso ndi chakuti moni woyamba ndi malo okhawo pa macheza pamene sudziwa chilichonse. Sudziwa ngati munthuyo akukumbukira, ngati wakwiya, ngati amva. Akangoyankha kuti "Tauka bwino, kaya inu?" chikaiko chachikulu chimatha, ndipo mantha nthawi zambiri amatsika. Chimene chimavuta kwenikweni ndi masekondi atatu kapena asanu a kutsogolo kwa moniwo.

Maso akatembenukira mkati

Mu 1995, akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, anafotokoza chifukwa chimene mantha oopa anthu samathera okha ngakhale munthu amakumana ndi anthu tsiku lililonse. Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti mantha akayamba, munthu amasiya kuyang'ana mnzakeyo n'kuyamba kudziyang'anira yekha. Amamvetsera kugunda kwa mtima wake, amaganizira momwe nkhope yake ikuonekera, amadzifunsa ngati manja akunjenjemera. Kenako amatenga zimene akumva mkatizo n'kuziyesa zimene anthu akuona kunja. Popeza akumva kutentha kumaso, amakhulupirira kuti msika wonse wa Kapata waona.

Apa ubongo umalakwitsa masamu pawiri.

Choyamba, umakuza kuchuluka kwa anthu amene akukuona. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2000, Thomas Gilovich ndi anzake pa yunivesite ya Cornell anaveka ophunzira malaya okhala ndi chithunzi chimene ophunzirawo ankachita nacho manyazi, n'kuwalowetsa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo anaganiza kuti pafupifupi theka la anthu aona chithunzicho. Amene anachionadi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Aliyense amakhala wotanganidwa ndi zake.

Chachiwiri, umachepetsa momwe anthu akulandirira. Mu 2018, Erica Boothby ndi anzake anapeza kuti anthu akamaliza kucheza ndi munthu wachilendo, nthawi zambiri amaganiza kuti mnzawoyo sanawakonde kwenikweni, pamene mnzawoyo akafunsidwa payekha amanena kuti wasangalala nawo kuposa momwe iwo akuganizira. Kusiyana kumeneku kunali kokulirapo mwa anthu amanyazi. Kafukufuku wonseyu anachitikira kumaiko akunja, komwe kupatsa moni munthu wosamudziwa sikuyembekezeredwa. Kuno, komwe kusayankha moni ndiko kumachititsa manyazi, mwayi woti muyankhidwa ndi waukulu zedi.

Chifukwa chake kuthawa kumakulitsa vuto

Tiyerekeze munthu waona a mpingo wake akubwera kutsogolo, iye n'kutulutsa foni n'kumachita ngati akuwerenga uthenga mpaka adutse. Nthawi yomweyo mtima umakhala pansi. Mpumulo umenewu ndiwo msampha, chifukwa ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa cha foniyo. Mawa mantha adzabwera msanga, ndipo dzanja lidzapita lokha m'thumba.

Akatswiri amazitcha izi zizolowezi zodzitchinjirizira. Zina n'zoonekeratu, monga kusintha njira kapena kutuma mwana kukagula mchere. Zina n'zobisika: kulankhula motsitsa kwambiri, kuyenda mofulumira popereka moni, kubwereza chiganizo m'mutu kakhumi, kubisa manja, kufika mochedwa pamsonkhano kuti moni ukhale utatha. Zimawononga m'njira ziwiri. Zimamulepheretsa munthu kuona kuti choopsa chimene amachiyembekezera sichikanachitika. Komanso nthawi zina zimabweretsa chimene akuopacho. Moni wonong'ona woperekedwa ukuyang'ana kumbali, pamsewu pamene pakudutsa njinga zamoto, sumveka. Winayo sayankha chifukwa sanamve, ndipo wamanyazi amapita kwawo ali ndi umboni wabodza woti anthu samufuna.

Usiku ndiye pamabwera kubwereza. Munthu amagona akusanthula moni wa masekondi awiri kwa ola lathunthu, akutola zolakwika zokhazokha. Chimene chimasungidwa m'mutu si zimene zinachitikadi, koma chithunzi chokokomeza chimene wachijambula usikuwo, ndipo ndicho amadzakumbukira tsiku lina akafuna kupereka moni.

Mwayi umene moni wathu uli nawo

Moni wa Chichewa ndi wokonzedwa kale, ndipo ichi ndi chinthu chimene wamanyazi ayenera kuchigwira ndi manja awiri. Palibe chopeka. M'mawa ndi "Mwauka bwanji?" kapena "Mwadzuka bwanji?" Dzuwa likapendeka ndi "Mwachoma bwanji?" kapena "Mwaswera bwanji?" Pakhomo pa munthu ndi "Odi!" basi, ndipo mwambo umati mlendo apatsidwe pokhala kenako eni nyumba ndiwo amupatse moni. Apa ntchito ya wamanyazi ndi liwu limodzi lokha. Podutsa anthu amene akhala pansi, "Zikomo" limodzi ndi kuomba m'manja pang'ono ndi kuwerama zimakwanira. Manja amalankhula pamene khosi lakana.

Nkhani ya maso nayonso ndi yopepuka kuno. Malangizo ambiri ochokera kunja amati yang'anani munthu m'maso, koma kuyang'anitsitsa ambuya kapena amfumu m'maso n'kupanda ulemu. Chofunika ndi kuyang'ana nkhope kamodzi, kwa sekondi imodzi, pamene mukuyamba moni, kuti munthuyo adziwe kuti mukunena iye. Mukatero mungatsitse maso monga mwa mwambo.

Kaperekedwe kake kakhale motere. Yambani mukali masitepe atatu kapena anayi kuchokera pa munthuyo. Mukadikira mpaka mufanane naye mapewa, nthawi imakhala yatha ndipo mumadutsa. Chepetsani liwiro. Tsogozani liwu laulemu, "Amai," "Atate," "Ambuya," "Akulu," chifukwa limachititsa munthuyo kutembenuka, ndipo moniwo umamupeza akumvetsera. Kwezani mawu kuposa momwe mukuonera kuti n'koyenera, pakuti chimene wamanyazi amachiyesa kukuwa, kwa ena chimakhala kulankhula wamba. Ngati mtima ukuthamanga mukali patali, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, katatu. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa liwiro la mtima. Koma musadikire kuti mantha atheretu. Satha moni usanaperekedwe, amatha pambuyo pake.

Makwerero: chitsanzo chimodzi mwatsatanetsatane

Njira imene ili ndi umboni wochuluka pa mantha a mtundu uliwonse ndi yoyandikira chimene ukuopa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, popanda zodzitchinjirizira zija. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 wochokera ku Chadiza wabwera ku Chipata kudzaphunzira kusoka, ndipo akukhala ndi azakhali ake. Patha miyezi iwiri, koma sanayambepo kupatsa moni aliyense wa pamalopo, ndipo wamva kale kuti ena akumunena kuti ndi wamatama.

Choyamba atenge kabuku alembe malo asanu kapena asanu ndi limodzi pamene moni umamuvuta, n'kupatsa paliponse nambala ya mantha kuyambira 0 mpaka 10. Mndandanda wake ungatuluke chonchi: amai ogulitsa tomato pamsika, 3, wanjinga amene amamunyamula popita kosoka, 4, agogo oyandikana nawo nyumba akakhala okha, 5, amai anayi pampopi m'mawa, 7, anzake osoka nawo atakhala pagulu akuseka, 8, kuimirira n'kudzitchula dzina pamsonkhano wa achinyamata kutchalitchi, 10.

Malo aliwonse pa mndandandawu ndi sitepe imodzi ya makwerero. Ayambire pa 3 kapena 4. Ogulitsa ndi abwino kuyambira chifukwa macheza ake ali ndi malire odziwika, ndipo wogulitsa amakondwera ndi aliyense wobwera pabenchi lake. Asanapite alembe zinthu ziwiri. Choyamba ndi pangano lomveka bwino la nthawi ndi malo: "Ndikafika pabenchi la tomato, ndinena kuti Amai, mwauka bwanji, ndisanafunse mtengo." Katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti pangano la mtundu wa "ndikafika apa, ndichita ichi" limakwaniritsidwa kawirikawiri kuposa cholinga chongoti "ndiyesetsa," chifukwa chisankho chimakhala chitapangidwa kale ndipo sipakhalanso mpata wokambirana ndi mantha. Chachiwiri ndi ulosi wake: akuganiza kuti chichitika n'chiyani? Mwina alemba kuti, "Mawu anga anjenjemera, amaiwo andiyang'ana modabwa, oyandikana nawo aseka."

Akabwerako alembe zimene zachitikadi, zooneka ndi maso ndi zomveka ndi makutu zokha. Mwachitsanzo: "Mawu ananjenjemera pang'ono. Anayankha kuti tauka, mufuna a zingati. Palibe anatembenuka." Gawo ili ndilo mtima wa njira yonse. Chimene chimasintha ubongo si kupirira kokha, koma kuona ulosi ukulephera kambirimbiri. Popanda kulemba, munthu amaiwala chimene analosera n'kungoti lero ndinachita mwayi.

Achite zimenezi tsiku lililonse, kwa anthu atatu kapena asanu osiyana, pamalo osiyana. Kamodzi pa sabata n'kochepa, chifukwa mantha amameranso pakati. Nambala ya sitepeyo ikatsika pafupifupi ndi theka kwa masiku awiri kapena atatu otsatizana, akwere pa yotsatira. Ena zimawatengera masiku anayi pa sitepe imodzi, ena masabata awiri.

Pampopi, pa 7, ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa kuchoka pa munthu mmodzi kupita pa gulu ndi mtunda wautali. Ngati kawiri konse wafika ndi ndowa n'kulephera, sikuti njira yalephera, koma sitepe yatalika. Aidule pakati. Apite nthawi imene pali anthu awiri okha. Kapena apite ndi azakhali ake, koma atagwirizana kuti iye ndiye ayamba moni. Akafika pagulu asankhe nkhope imodzi, makamaka ya wamkulu, apereke moni kwa iyeyo, kenako "Zikomo nonse" kwa otsalawo. Gulu silipatsidwa moni ngati chinthu chimodzi chachikulu, umalowera mwa munthu mmodzi.

Ali pamenepo achite ntchito ina yaing'ono yokokera maso kunja: aone mtundu wa chitenje cha amene akulankhula naye, kapena chimene wanyamula, kuti akachilembe madzulo. Maganizo sangathe kuyang'anira mtima wako ndi chitenje cha mnzako nthawi imodzi mokwanira, choncho kudziyang'anira kuja kumachepa.

Madzulo apatse nkhaniyi mphindi zisanu zokha: ndinalosera chiyani, chinachitika n'chiyani, mawa ndipita pati. Kenako atseke kabuku. Maganizo akabwerera usiku, yankho lake n'lakuti zalembedwa kale.

"Ndili bwino, kaya inu" ikatha

Anthu ena samaopa moni weniweniwo koma chete amene amabwera pambuyo pake. Pa izi pali mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti moni wapanjira ndi wokwanira pawokha, palibe ngongole ya nkhani. "Zikomo, ndapita" ndi mathero aulemu. Yachiwiri ndi yakuti ngati mukhala limodzi, monga pa mzere wa kuchigayo kapena m'basi yopita ku Katete, funso limodzi lokhudza chimene nonse mukuchiona limakwana. "Kunyumba mwasiya bwanji?" "Mvula kwanu yayamba?" "Fetereza mwalandira?" Funso limasamutsa ntchito yolankhula kupita kwa winayo, ndipo funso lotsatira limachokera mu yankho lake. Musakonzeretu ziganizo zisanu, chifukwa mudzakhala mukuzifunafuna m'mutu mmalo momvetsera.

Zimene zimasokoneza

Tsiku lina munthu sadzayankha. Izi zidzachitika ndithu, ndipo ndi bwino kuziyembekezera. Pali zifukwa zambiri: sanamve, ali ndi maliro m'mutima, ali ndi zomvera nyimbo m'makutu, kapena nayenso ndi wamanyazi. Njira yodziwira ngati vuto ndi kaperekedwe kanu ndi kuwerenga m'kabuku. Ngati mwa anthu khumi osayankha ndi mmodzi, palibe chokonza. Ngati ndi anayi kapena asanu, pafupifupi nthawi zonse ndi mawu otsika kapena kuchedwa kuyamba.

Mowa umaoneka ngati mankhwala chifukwa umagonetsa galu uja kwa maola ochepa. Koma ubongo umati wakwanitsa ndi mowa, osati iwe, ndipo mantha amakhala pomwepo m'mawa. Anthu a nkhawa yoopa anthu ali pa chiopsezo chachikulu chozolowera kumwa pa chifukwa chimenechi.

Achibale nawonso amatha kukulitsa vuto mosadziwa. Kuuza alendo mwana ali pomwepo kuti "uyu ndi wamanyazi, salankhula" kumamupatsa dzina loti alikwaniritse. Kumukankhira kutsogolo pagulu n'kumuseka akalephera kuli ngati kumuyambitsa pa sitepe ya 10. Kumuyankhira nthawi zonse kumamulanda mwayi wophunzira. Chothandiza ndi kumuuziratu kuti kubwera ndani, kuyeserera naye moni muli awiri, ndipo alendo akafika, kumupatsa masekondi angapo osamufulumizitsa. Akapereka moni, ngakhale wotsika, osapanga nkhani.

Pamene pakufunika thandizo la achipatala

Pali malire pamene manyazi amasanduka matenda a nkhawa yoopa anthu. Achipatala amayang'ana ngati mantha atha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ngati ali aakulu kuposa momwe zinthu zilili, ndiponso ngati akuwononga moyo wa munthu: wasiya sukulu, wakana ntchito, sadya pamaso pa anthu, sapita kuchipatala akadwala poopa kulankhula ndi anamwino. Kawirikawiri zimayamba munthu ali wachinyamata. Mwana amene amalankhula bwinobwino kunyumba koma kusukulu satulutsa liwu kwa mwezi wopitirira umodzi, osawerengera mwezi woyamba wa sukulu, ayeneranso kuonedwa.

Chithandizo chachikulu ndi chokambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, amene amatsogolera munthu pa makwerero ofanana ndi tafotokozawa ndi kumuthandiza kuyesa maganizo ake ngati ndi oona. Nthawi zina dokotala amawonjezera mankhwala, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito ndipo sayenera kugulidwa mwa wekha. Poyambira ndi kiliniki ya m'dera lanu, komwe angakutumizeni kwa a zaumoyo wa maganizo ku chipatala chachikulu cha Chipata. Ngati kufotokoza pakamwa n'kovuta, lembani papepala kuti vuto linayamba liti, limachitika pati, ndi zimene mwasiya kuchita chifukwa cha ilo, n'kupereka pepalalo kwa amene akukuonani. Ngati pamodzi ndi manthawo pali kusowa tulo, kutaya mtima kapena maganizo odzipweteka, pitani tsiku lomwelo, ndipo mutenge wachibale woti akuperekezeni.